Sopo wolimba ndi wa phala: mungamudziwe bwanji musanataye ndalama?

"Zikomo, ine ndili ndi ana anayi ndiye kuchapa ndi daile. Sopo amene ndikugula masiku ano akumangosungunuka, tabuleti imodzi osatha ndi masiku atatu omwe, chonsecho thovu amatulutsa lambiri bwinobwino. Wina wodulirako ndimamuona koma ndimaopa kuti mwina ndi dzina chabe. Kodi pali njira yodziwira sopo wokhalitsa ndisanagule? Ndine mayi wa ku Chilomoni."

Mayi, njira ilipo, koma choyamba tichotse kaye maganizo aja akuti thovu lambiri ndiye sopo wabwino, chifukwa ambirife ndi pamene timapusitsikira. Thovu ndi nkhani ina, kukhalitsa ndi nkhani inanso, ndipo nthawi zambiri sopo amene amafulumira kuchita thovu ndi yemweyo amafulumira kutha, poti thovulo likutuluka chifukwa sopoyo akusungunuka msanga m'madzi.

Sopo wa mtanda amapangidwa makamaka ndi mafuta, kositiki soda ndi madzi. Kusiyana konse kumachokera pa mtundu wa mafutawo, kuchuluka kwa madzi amene atsalira mkati, ndi zina zimene opanga amathiramo kuti mtanda ukule komanso ulemere. Mafuta a pamu, omwe aja a mawese amene anzathu a ku Karonga amawadziwa bwino, komanso mafuta a ng'ombe, amapanga sopo wolimba amene sasungunuka wamba, thovu lake ndi lochepa, la tinthu ting'onoting'ono, loterera. Mafuta a kokonati ndi mafuta a njere yamkati mwa chipatso cha pamu chija amapanga sopo wolimbanso ndithu ukamugwira, koma iyeyu madzi akangomukhudza amasungunuka msanga ndipo thovu lake ndi lalikululikulu lotuluka nthawi yomweyo. Ndiye pali mafuta amadzimadzi awa, a soya, a mpendadzuwa, a mtedza, a njere za thonje, amenewa akachuluka sopo amakhala wofewa, wonanda, ndipo kuti aume zimatenga nthawi yaitali. N'chifukwa chake mafakitale ambiri opanga sopo wosambira amasakaniza pafupifupi magawo 80 a pamu kapena mafuta a ng'ombe ndi magawo 20 a kokonati kapena njere ija, oyambawo kuti mtanda ukhalitse, enawo kuti thovu libwere.

Pa pepala la sopo zimenezi sazilemba kuti mafuta a chakuti, amalemba mayina awo a mu sayansi ndiye muwazolowere maonekedwe ake. Sodium Palmate ndi pamu, Sodium Tallowate ndi mafuta a ng'ombe, Sodium Cocoate ndi kokonati, Sodium Palm Kernelate ndi njere ija, Aqua ndi madzi. Kawirikawiri mndandanda umayamba ndi chimene chachuluka kwambiri n'kumatsika, ndiye mukaona awiri oyambawo ali kutsogolo, kokonati kapena njere ikubwera pambuyo, madzi pambuyo pakenso, ameneyo ndi sopo woyembekezeka kukhalitsa. Chimene ine chimandidandaulitsa ndi pamene mayina ngati Talc, Kaolin, Calcium Carbonate kapena Sodium Silicate ali pafupi ndi kumayambiriro. Atatu oyambawo ndi ufa wa miyala ndi dothi loyera, sachapa kanthu, ntchito yawo ndi kudzaza mtanda. Silikeiti pang'ono mu sopo wochapira si woipa, amathandizako kuchotsa litsiro, koma alinso ndi khalidwe logwira madzi ambiri mtanda n'kumaonekabe wolimba, ndiye wopanga amene akufuna kutchipitsa amamukonda kwambiri.

Mukapeza pepala lolembedwa TFM ndi nambala ya peresenti, mwapeza chinthu chothandiza kuposa zonse. Nambala imeneyo ikunena kuchuluka kwa mafuta amene asanduka sopo mu mtandawo, zotsalazo ndi soda amene wagwirana ndi mafutawo, madzi ndi zodzazira. Sopo wosambira wabwino amakhala cha m'ma 70 kupita m'mwamba, ku India mwachitsanzo kuti sopo atchedwe wa giledi yoyamba amayenera kufika 76. Wochapira amatsikirako, zimenezo n'zachibadwa, koma akatsika kwambiri ndiye kuti mukulipira madzi ndi dothi.

Tiyerekeze ndi manambala kuti muone, mitengoyi ndangoikapo poti ya kumsika ikusintha sabata ndi sabata. Matabuleti awiri, onse a magalamu 200. Woyamba K1,000, TFM yake 40, ndiye kuti mafuta enieni ndi magalamu 80, galamu iliyonse mwagula K12.50. Wachiwiri K1,500, TFM yake 70, mafuta enieni magalamu 140, galamu iliyonse yakudyerani pafupifupi K10.70. Wotchipa uja wadula kale musanamunyowetse n'komwe, ndipo apa sitinawerengere zimene zitayike ngati phala pansi pa beseni, zomwe kwa sopo wamadzi ambiri zimakhala zochuluka zedi.

Koma ndikudziwa kuti sopo wambiri amene timagula pa hokala kapena kumsika wa Limbe alibe pepala, ndi mitanda yaitali yongodula ndi mpeni, ndiye pamenepo chala ndi maso ndi zimene zigwire ntchito. Mudinize ndi chala chachikulu pakati pa mtanda, osati m'mphepete poti m'mphepete mumauma msanga ngakhale sopo ali wachabechabe. Chala chikalowa n'kusiya dzenje, madzi ndi ambiri kapena mafuta ake ndi ofewa aja. Ngati wogulitsa akudula inu mukuona, yang'anani podulapo: kunja kouma koma mkati monyowa, mowala, momata mpeni, ameneyo sanaume. Sopo wosambira wa ku fakitale amene wadutsa m'makina opsinja amatsala ndi madzi pafupifupi magawo 12 kapena 14 pa 100, pamene mitanda yochapira yotchipa imatha kukhala ndi madzi opitirira kawiri pamenepo. Onaninso mitanda imene yakhalitsa pa shelefu, ngati yapindika, yalowa m'mbali, kapena pepala lake lakhwepa ngati sopoyo wachepa mkatimo, ndi madzi amenewo auluka, ndipo akukuuzani kuchuluka kwa madzi amene analimo.

Chenjezo lokha, kulimba kwa mu shopu sikukwanira. Pali sopo wina wolimba gwa koma kulimba kwake ndi kwa zodzazira, mukamukanda ndi chikhadabo amagumuka ngati choko m'malo motuluka kachikhungu kosalala, ndipo pokhula pa chovala mumamva timchenga. Ameneyu amatha msanga mwanjira ina, poti sachapa bwino ndiye mumangokhula, kukhula, kukhula mpaka theka lapita pa yunifolomu ziwiri. Winanso amakhala ndi ufa woyera pamwamba, pang'ono pokha pa sopo wopangidwa pamanja si vuto, koma ukakhala wambiri ndipo mukachapa manja akuwawa, khungu la zala likusupuka, ndiye kuti soda anachuluka, musasambitse mwana ndi sopo ameneyo ndipo ngakhale zovala amazifoola ulusi.

Za thovu, yesani chonchi. Nyowetsani manja, muzungulize sopo m'manja kakhumi, mumuike pansi, kenako mutikite manja okhawo. Sopo wokhalitsa amachedwa pang'ono kuyamba koma thovu lake limakhala lothinana, loterera, ndipo limakhala osaphwa msanga. Wosungunuka msanga amatulutsa chithovu chachikulu nthawi yomweyo, ndipo mukayang'ana mtandawo m'mphepete mwake mwayamba kale kutha. Madzi amene mukuyesera akhale omwewo pa sopo onse awiri chifukwa madzi nawo amanamiza. Madzi a mjigo ambiri ali ndi laimu, ena ndi amchere ngati m'madera ena a ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ndipo madzi otere amapha thovu la sopo wa pamu, m'malo mwa thovu pamayandama tizinthu toyera tonanda m'mbali mwa beseni. Munthu wa kumeneko akhoza kunyoza sopo wabwino kuti alibe thovu pamene vuto ndi madzi, ndipo kwa iyeyo sopo wokhala ndi kokonati kapena njere yambiri ndi amene angamuthandize ngakhale amatha msanga. Inu a ku Blantyre ngati mukuchapira madzi a pampopi vuto limeneli silikhala lalikulu.

Mayeso amene ine ndimawakhulupirira kwambiri ndi a mbale, ndipo safuna ndalama kupatula kugula kamodzi sopo onse awiri amene mukuwakayikira. Dulani tizidutswa tofanana kukula, monga bokosi la machesi, muike kalikonse m'kambale kake, muthire madzi ofika theka la kachidutswako madzulo, musiye mpaka m'mawa. M'mawa tulutsani, mupale ndi msana wa supuni zofewa zonse mpaka mufike polimba. Sopo aliyense amafewako, musadabwe, koma wabwino amangotaya kachikhungu kochepa ndipo mawonekedwe ake amakhala omwe aja, pamene wachabe amatupa, kuyera, n'kusanduka phala mpaka pakati. Zimene mwapala zija ndi zimene mumataya tsiku lililonse sopo akagona m'madzi. Kenako asiyeni aume masiku awiri muone amene ang'ambike ming'alu yakuya, chifukwa m'ming'alumo ndi mmene madzi amalowera ulendo wotsatira, kuthetheka kumayambira pamenepo.

Mukafuna kuona zodzazira ndi maso anu, palani supuni imodzi ya sopo, muthire mu galasi la madzi otentha bwino, mutakase mpaka asungunuke, musiye kwa mphindi zingapo asanazizire. Sopo weniweni amangoderetsa madzi, koma ufa wa miyala ndi dothi sizisungunuka, zimadikha pansi pa galasi ndipo mumaziona bwinobwino. Kochepa si nkhani, koma matope ooneka pansi ndiye mwadziwa chimene mumagula.

Pali sopo wina wofewa amene sindikufuna mumuweruze msanga, wopangidwa ndi magulu a amayi kapena achinyamata m'makomo. Sopo wopanga pamanja amafuna masabata 4 mpaka 6 kuti aume, koma poti mpamba ndi wochepa ambiri amagulitsa akangotulutsa mu chikombole, ndiye amafika kwa inu ali wofewa chonsecho mafuta ake ndi a pamu abwinobwino. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta, mudule zidutswa, muike pamwamba pa kabati kapena pawindo popita mphepo koma popanda dzuwa, osakulunga mu pulasitiki, mudikire masabata atatu. Ngati linali vuto la madzi okha adzachepako pang'ono n'kulimba, ndipo adzakhalitsa kuposa mmene akanachitira. Ngati mafuta ake ndi a soya kapena ophikira kale, adzakhalabe wonanda, mwinanso kutuluka madontho achikasu ndi fungo la mafuta owonongeka, kumeneko musabwerereko.

Ndi ana anayi, ine ndikanakhala inu ndikanagula mtanda wautali wa mwezi wamawa lero, kuudula, kuuyanika, kumagwiritsa ntchito wa mwezi watha. Pochapa sopo asagone mu beseni, nyowetsani chovala, pakani, muike sopoyo pa mwala kapena pa chotengera chobooka pansi. Ndipo wochapira akhale wochapira, kubafa kukhale wina, poti madzi otentha osamba amasungunula sopo msanga kuposa ozizira, ndiye ana akamalowa motsatizana mtanda supeza mpata wouma tsiku lonse.