Kalembera ndi dokotala safunsa funso limodzi

"Achimwene, ndine mayi wa ku Bembeke, ku Dedza. Pa kalembera wa 2018 anatifunsa ngati wina pakhomo amavutika kuona, kuyenda kapena kukumbukira, koma buku la kuchipatala sanalipemphe. Mayi anga maso akuchita mdima koma sanapimidwepo, pomwe mlongo wanga ali ndi matenda akugwa ndipo amalandira mankhwala mwezi ndi mwezi. Ndiye anthu aulumali amawadziwa bwanji popanda dokotala?"

Zikomo achemwali. Dokotala amafuna kudziwa chimene chavuta m'thupi ndi dzina lake, kuti apereke mankhwala. Wakalembera alibe nazo ntchito zoyambitsa. Iye akufuna kudziwa zimene munthu amatha kuchita tsiku ndi tsiku, ndi zimene zimamukanika.

Mafunso amtunduwu anakonza ndi akatswiri a Washington Group, gulu limene linakhazikitsidwa mu 2001 pansi pa bungwe la mgwirizano wa maiko onse. Alipo asanu ndi limodzi: kuona, kumva, kuyenda kapena kukwera masitepe, kukumbukira kapena kuika maganizo pa chinthu, kudzisamalira monga kusamba ndi kuvala, komanso kumvana ndi ena polankhula. Amafunsa za anthu a zaka zisanu kupita m'tsogolo. Yankho si inde kapena ayi. Munthu amasankha kuti savutika, amavutika pang'ono, amavutika kwambiri, kapena sangathe n'komwe. Malangizo a gululi ndi akuti amene wati "kwambiri" kapena "sindingathe" ngakhale pa funso limodzi lokha, ndiye awerengedwe.

Tiyeni tione mayi anu. Tinene kuti munthu akamabwera pabwalo samuzindikira mpaka atalankhula, ndipo popeta mpunga saonanso timiyala. Pa funso la kuona ayankha kuti amavutika kwambiri, basi alowa m'chiwerengero, ngakhale palibe dokotala amene ananenapo kuti ndi ng'ala. Ine apa ndimagwirizana nawo kwambiri akatswiriwa. Kukanakhala kuti timawerenga okhawo ali ndi pepala la kuchipatala, tikanawerenga anthu amene ali ndi ndalama ya kabaza yopitira ku Dedza boma, n'kusiya agogo ambirimbiri amene vuto lawo amangoti ndi ukalamba.

Nkhani ya mlongo wanu ikutembenuka. Iye matenda ake ali ndi dzina, alembedwa m'buku. Koma ngati mankhwala akugwira, akulima mbatata zake za kachewere, akupita nazo pamsika n'kuwerenga ndalama bwinobwino, pa mafunso onse aja akhoza kuyankha kuti savutika. Mafunso asanu ndi limodziwo amudutsa. Chimodzimodzi mphunzitsi wovala magalasi: funso limati kodi mumavutika kuona ngakhale mutavala magalasi, ndiye ngati magalasiwo akumuthandiza, sawerengedwa. Pomwe mnzake wa maso ofanana ndi akewo, koma wosakwanitsa kugula magalasi, akhoza kuwerengedwa.

Apa ndiye pali malire a njirayi, ndipo sindikufuna kuwabisa. Mlongo wanu mwina anthu amamusala, ena sakufuna kumulemba ganyu, ndipo zimenezo mafunsowa saziona. Abale athu achialubino ndi odwala matenda amaganizo nawonso amatha kuphonyedwa. Kalembera wa 2018 anafunsa za chialubino ndi matenda akugwa paokha, ndipo anachita bwino. Za ana aang'ono, gulu la Washington Group lija pamodzi ndi UNICEF linakonza mafunso ena apadera.

Mwina munaonanso kuti m'mafunso a kuona ndi kuyenda aja mulibe zonena kuti "kodi muli wolumala pakhomo pano?" N'zadala. Funso lotero anthu amachita nalo manyazi, ndipo ambiri amangoganiza za wa njinga ya olumala kapena wosaona konse. Kalembera wa 2008 anapeza anthu aulumali 3.8 pa 100 alionse, wa 2018 anapeza 10.4 mwa a zaka zisanu kupita m'tsogolo. Wina asakuuzeni kuti ulumali unachuluka chotero m'zaka khumi. Kafunsidwe kanasintha, choncho manambala awiriwa sangayerekezedwe mwachindunji.

Zimalakwikanso pakhomo pomwe. Wakalembera wotopa amangoyang'ana munthu n'kulemba yekha, kapena amaphatikiza mafunso onse kukhala limodzi. Kawirikawiri bambo mmodzi ndiye amayankhira banja lonse, ndipo za kuiwalaiwala kwa apongozi ake sazidziwa bwino. Komanso ife timakonda kuchepetsa mavuto athu: gogo amene amapuma katatu pokwera chitunda chochokera kudimba amangoti "pang'ono chabe". Wakalembera akadzabweranso, mumve ngati akuwerenga funso lililonse kwa munthu aliyense ndi mayankho onse anayi. Ngati sakutero, apempheni abwereze.

Dziwaninso kuti kulowa m'chiwerengero si chiphaso cholandirira thandizo. Mayankhowo ndi achinsinsi, amangophatikizidwa kuti boma lione, mwachitsanzo, ngati ana ovutika kumva akupita kusukulu mofanana ndi anzawo. Mayi anu mupite nawo kuchipatala akapimidwe maso. Ngati ilidi ng'ala, nthawi zambiri imachotsedwa ndi opaleshoni.