Za otayipa nkhani za akuluakulu aja

"Mphwanga, tinajambula mawu a akuluakulu kwa Makanjira akufotokoza za usodzi wakale. Achinyamata anayi adzipereka kutayipa. Titani kuti zisatuluke zosiyanasiyana?"

Zikomo amalume, ndamva. Musawagawire kaye ntchito. Dulani kachigawo ka mphindi zitatu zokha, onse anayiwo atayipe komweko, aliyense payekha osaonerana. Kenako mukhale pansi muyerekeze. Pamene asiyanapo ndi pomwe pakufunika lamulo, ndipo malamulowo mulembe papepala limodzi basi. Likatalika sawerenga.

Muona nokha zomwe zituluke. Agogo akati "ndili m'bwato", wina alemba ndiri, wina ndili, wina mbwato wopanda kachizindikiro kaja. Musatayepo nthawi kukangana kuti wolondola ndani, sankhani chimodzi onse atsate. Chimodzimodzi ŵ wa kadenga uja: ngati mafoni ena alibe, gwirizanani kulemba w wamba paliponse. Koma pa ng' pokha musalole chidule, ng'oma ikhale ng'oma, chifukwa ng ndi ng' ndi maliwu awiri osiyana. Komanso azimitse kaja kokonza mawu pafoni, kamasandutsa Chichewa kukhala Chingerezi munthu osazindikira.

Tsono nkhani yaikulu kwathu kuno ndi Chiyao. Mkulu amayamba m'Chichewa, nkhani ikakoma walowa Chiyao, kenako wabwerera. Wotayipa wina amasulira mwakachetechete, wina adumpha, wina akonza kuti zimveke ngati za m'buku. Ayi ndithu. Alembe zomwe khutu lamva, ngakhale agogo abwereze mawu kapena asiye chiganizo panjira. Kumasulira ndi ntchito ina ya pambuyo. Amene Chiyao sachimva aike chizindikiro, wodziwa adzabwerepo. Pomwe mphepo ya mwera yaphimba mawu, asaganizire. Alembe chonchi:

```
A: Usipa unali wambiri [sizikumveka 04:12]
B: Chaka chanji chimenecho?
A: [Chiyao 04:20-04:45]
```

Nthawiyo ndi yothandiza kwambiri, woona pambuyo amangopita pomwepo osamvetseranso zonse. A ndi wofunsidwa, B wofunsa, m'mafayilo onse. Mayina enieni musunge m'kope lanu, makamaka ngati mkuluyo sanavomere kutchulidwa.

Za nthawi, musawanamize anawo. Ola limodzi la mawu limadya maola anayi kapena kuposa, ndiye pafoni zimachedwa koposa apo. Muziwapatsa zigawo za mphindi khumi khumi, ndipo podula muonetsetse kuti mapeto a chigawo china abwerezedwa pang'ono koyambirira kwa chinzake, kuti mawu asagwere pakati. Akamaliza asinthane, wina amvetsere uku akuwerenga za mnzake. Mukaona tsamba losalala bwino, lopanda chizindikiro ndi chimodzi chomwe, limenelo ndiye mulikayikire, mwina mwini wake amakonza kapena kudumpha.

Pepala la malamulo lija likhale ndi mwini mmodzi, inuyo. Pakabuka chachilendo afunse pagulu, inu muwonjezere lamulo, mulembe deti pamwamba, mutumizenso, lakalelo afufute. Kachigawo koyesera kaja nditumizireni nanenso, ndikamvetsere madzulo ano.