Mbatata yofiira mkati, yoyera ndi yapepo: ana adye iti?

"Alangizi, ku chipatala amati ana tiziwapatsa mbatata yofiira mkati, koma kwathu kuno ku Domwe amuna anga amaikana, amati ndi yamadzi, sikhalitsa m'mimba ngati yoyera ija. Tsono ku msika wa ku Ulongwe ndaonanso ina yapepo mkati. Kodi imeneyi singalowe m'malo mwa yofiirayo?"

Mayi, yapepoyo singalowe m'malo. Vitamini A wa mu mbatata amachokera ku chinthu chotchedwa beta-karotini, chomwe chimapatsa mbatata mtundu wonga wa papaya wakupsa. Mtunduwo ukakhala wowirira, vitamininso ndi wambiri. Yoyera ndi yapepo zili ndi wochepa zedi, woti simungamuwerengere. Mtundu wapepowo umachokera ku chinthu china, anthosayanini, chabwino ndithu m'thupi, koma sichichita ntchito ya vitamini A yoteteza maso a mwana ndi kumulimbitsa ku matenda monga chikuku ndi kutsegula m'mimba. Mbatata imodzi yofiira ya magalamu 125, yongodzaza m'dzanja lanu, imakwanira vitamini A wa tsiku lonse kwa mwana wosafika zaka zisanu.

Musamayang'ane khungu pogula. Ilipo mbatata ya khungu lofiira koma mkati muli mbee, ndiye kandani ndi chikhadabo kapena muibenthule kunsonga. Ikakhala yachikasu chotuwa, vitamini alimo koma wochepa.

Bambowo sakunama, ndipo musakangane nawo. Mbatata yoyera ili ndi ufa wambiri, n'chifukwa chake ikapsa imang'ambika, imafuna tiyi pambali, ndipo munthu amalima nayo mpaka dzuwa lifike pamutu. Mitundu yoyamba ya yofiira yomwe inafalitsidwa m'dziko muno la Mozambique, monga Resisto, inali yofewa ndi yotsekemera kwambiri. Ana ankaikonda, akuluakulu ankati ikunga dzungu, ndipo mbiri yoipayo inatsalira mpaka lero. Koma mu 2011 bungwe la boma lofufuza za ulimi la IIAM pamodzi ndi bungwe la padziko lonse lofufuza za mbatata la CIP, motsogozedwa ndi Dr. Maria Andrade, anatulutsa mitundu 15 yatsopano yopirira chilala, ndipo poisankha ankayang'ananso ufa. Ina mwa iyo ndi Irene, Sumaia, Delvia ndi Namanga. Amene mumadutsa malire kupita ku Dedza mwamvaponso za Kadyaubwerere ndi Chipika. Choncho pofuna mbewu, funsani dzina lake, musangolandira chifukwa akuti ndi yofiira.

Nthawi zambiri madziwo timawonjezera tokha. Chaka chatha mayi wina wa ku Tsangano anandidandaulira zomwezi, ndipo nditafika ndinapeza kuti akukumba pa miyezi itatu, nthaka ikadali yonyowa, n'kusenda, kuduladula, kenaka kumiza mumphika wodzaza madzi. Tinadikira kuti ikwane miyezi inayi ndi theka. Titakumba tinaigoneka pamthunzi masiku anayi, tinaitsuka osasenda, madzi tinathira ongofika theka la mbatatayo, n'kuvundikira. Itapsa tinakhuthula madzi otsala n'kubwezera mphika pamakala pang'ono kuti nthunzi ithe. Amuna awo anadya ziwiri ali chiimire. Sinafike pa yoyera kuuma kwake, koma phalaphala lija linatha.

Osapitiriranso nayo m'munda. Nthaka ikayamba kung'ambika m'chilimwe, nankafumbwe amalowa m'ming'alumo, ndipo mbatata yobooledwa imawawa ndi kununkha, kaya ndi ya mtundu wanji. Kwirirani ming'aluyo msanga.

Yapepo ndi youma ndi yolimba, kutsekemera kwake n'kwapatali, ndipo mwana wamng'ono imamutsamwitsa mukapanda kuipota ndi madzi kapena mkaka. Mukaiwiritsa madzi amasanduka apepo, musadabwe. Ine ndimaikonda yowotcha paphulusa, koma ndikamayendera mabanja a ana aang'ono sindiiika patsogolo.

Pa ana ndimalimbikira futali. Vitamini A amalowa bwino m'thupi pakakhala mafuta, ndiye nsinjiro zodzaza supuni ziwiri pa mbale ya mwana zimathandiza kuti zomwe wadyazo zisapite pachabe. Wa miyezi isanu ndi umodzi kupita m'tsogolo mupotereni yofiirayo m'phala lake, kufewa komwe bambo akukana ndi kumene kumamuyenera iyeyo. Mukafuna kupanga makaka, yanikani pamthunzi podutsa mphepo ndipo musasunge kupitirira miyezi iwiri, chifukwa dzuwa ndi kukhalitsa zimachotsa vitamini. Mudzaona okha akutuwa.

Kumunda musazule yoyera. Pa mizere khumi iliyonse, itatu kapena inayi ikhale ya yofiira, ndipo muibzale mosiyanitsa masabata awiri kapena atatu kuti musakumbe yonse nthawi imodzi. Mvula ikatha, sungani mbewu yake kudimba, chifukwa kuno kumtunda chisanu cha Juni ndi Julayi chimawaula kholowa wosiyidwa pamtetete.