Musalembe ziro musanamve mbali yake

"Aphunzitsi anzanga m'gulu muno ndithandizeni. Mtsikana wina wa chaka chachiwiri, amene pa mayeso a m'kalasi anapeza 41, wandipatsa asainimenti yoti ingapeze 78. Chingerezi chake si chimene ndimamudziwa nacho. Turnitin, pulogalamu yofufuza zokopera, ikuonetsa 6 peresenti yokha, koma pa fayilo ya Word, pamene pamalembedwa Author, pali dzina la mwamuna. Mtima wanga ukuti wina wamulembera. Ndingomupatsa ziro, kapena nditani?"

Achimwene, ikani kaye cholembera chofiiracho pansi. Ndawerenga uthenga wanu mtima n'kuyamba kuthamanga, chifukwa ine zimenezi zinandionekera, ndipo mpaka lero ndikakumbuka chipinda chija m'mimba mumanditentha.

Ndinali kale mphunzitsi wa pulayimale, ndikuwonjezera maphunziro pa koleji ina uku ndikuphunzitsa Sitandade 6 kusukulu yakumudzi yopanda magetsi. Anatipatsa funso la mbiri yakale, loti tifotokoze zimene zinachititsa John Chilembwe kuukira atsamunda mu Januwale 1915. Asainimenti yoyamba ya kosi imeneyo ndinapeza 48, chifukwa ndinailemba usiku umodzi mwana wanga akudwala malungo. Koma iyi inali nkhani ya kwathu. Ine ndine wa ku Chiradzulu, ku Mbombwe kumene kuli mishoni ya Chilembwe ya PIM tinkapitako wapansi, ndipo za thangata m'minda ya Bruce ku Magomero agogo ankatisimbira tili ana. Ahedi ena opuma pa ntchito anandibwereka buku lalikulu lija la Shepperson ndi Price la 1958 lonena za Chilembwe. Ndinalemba katatu m'hadikava yanga, milungu itatu, pa nyali ya koloboyi.

Kompyuta ndinalibe. Ndinapalasa njinga kupita pa boma, n'kupereka mapepala kwa mnyamata wotaipa pa kashopu ka mafotokope, iye n'kundiikira pa fulashi. Sindinadziwe kuti anzanga ena atatu a m'kalasi anataipitsanso pomwepo. Mafayilo onse anayi anatuluka ndi dzina limodzi pa Author, dzina la mwini kompyuta. Pambuyo pake zinadziwika kuti awiri mwa atatuwo analipiradi munthu kuti awalembere. Ine ndinangolowa m'gulu la akuba chifukwa cha dzina limenelo.

Lekichara wa kosiyo sanandiitane, sanandifunse kanthu. Analowa m'kalasi ya anthu oposa 60, n'kutchula mayina athu anayi, n'kutiuza kuti tiimirire. Kenako anawerenga ndime yanga yoyamba mokweza, n'kufunsa kalasi ngati mayi wopeza 48 angalembe chotere. Anthu anaseka. Ine mayi wa ana awiri, wovala chitenje changa bwinobwino, nditaimirira ngati mwana wogwidwa akuba nzimbe. Pepala linabwera ndi ziro wamkulu wozingidwa kawiri, cholembera chitaboola pepala. Bambo ameneyo sindinamukhululukire. Anali ndi nambala yanga ya foni, ofesi yake inali yotsegula, kundifunsa kukanamutengera mphindi khumi. Anasankha kundichititsa manyazi chifukwa anafuna kuti kalasi imuope.

Ku komiti ya chilango ndinakapeza anthu asanu atakhala mbali imodzi ya tebulo, ine ndekha mbali inayo. Kalata yondiitana sinanene mlandu, inangoti ndibwere. Bambo yemwe uja ndiye anayamba kufunsa, woneneza yemweyo wofunsa yemweyo. Analoza liwu lina lalitali lachingerezi m'ndime yachitatu, lonena za chikhulupiriro chakuti dziko latsopano lili pafupi kubwera, n'kuti ndilimasulire pompo. Liwulo ndinkalidziwa, ndinalipeza m'buku lija n'kulifufuza m'dikishonale. Koma pakamwa panauma, lilime linakana. Ndinangoyang'ana patebulo, misozi ikugwera pa hadikava imene ndinaifumbata pamiyendo. Iye anati, mwaonatu.

Anandipulumutsa ndi mayi wina wachikulire amene anakhala kumapeto. Anapempha hadikava ija, n'kuyamba kutsegula tsamba ndi tsamba, kuona pamene ndinafufuta, mivi yosamutsa ndime, manambala a masamba a buku m'mphepete, ngakhale ndandanda ya ngongole ya feteleza imene ndinalemba pakati pa zolembazo. Kenako anati, mwanena kuti nkhondo ya 1914 ndiyo inafulumizitsa zinthu kuposa thangata, bwanji? Yankhani m'Chichewa ngati mukufuna. Apo ndiye ndinamasuka. Ndinafotokoza za nkhondo ya ku Karonga, za kalata imene Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914 kudandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo ya eni ake n'kusiya akazi amasiye ndi ana, za matchalitchi a PIM amene William Jervis Livingstone, woyang'anira minda ya Bruce ku Magomero, ankatentha. Ndinalankhula mpaka anandiletsa okha. Malikisi anga anabwera patapita milungu 11. Wopepesa panalibe.

Ndiye za umboni mwatchulawo. Dzina la pa Author, palokha, silikuuzani amene analemba. Limangonena dzina limene linaikidwa mu Word ya pa kompyuta imene fayilo inayambira. Kuno kwathu ana angati ali ndi laputopu yawoyawo? Amabwereka ya mchimwene, ya chibwenzi, ya kutchalitchi, kapena kutaipitsa ngati ine. Tsegulani File, kenako Info, muonenso Last Modified By ndi Total Editing Time. Mukapeza kuti masamba khumi anatha mphindi zinayi, lembani pambali kuti mudzamufunse, koma musagamule nazo, pakuti mwana amene analemba pa foni n'kumata zonse mu fayilo yatsopano amaonetsanso mphindi zochepa chomwecho.

Turnitin nayo anthu amaimva molakwika. Imangoyerekeza mawu ndi zimene zili kale m'nkhokwe yake. Peresenti ikakwera, mwina n'chifukwa cha mndandanda wa mabuku ndi mawu ogwidwa moyenera, ngati simunawachotse poyeza. Ikatsika, ndiye kuti mawuwo sanakopedwe pa zimene imazidziwa, basi. Wolemberedwa ndi munthu wina amapeza peresenti yotsika, wolemba yekha amapezanso yotsika. Nambala imeneyo simutsutsa mwanayo ndipo simuyeretsa.

Kulumpha kwa malikisi n'chifukwa chokwanira choti mufunse, koma samalani zimene mukuyerekeza. Mayeso a ola limodzi, opanda buku, munthu ali ndi mantha, si ofanana ndi ntchito ya milungu itatu yokhala ndi dikishonale ndi mnzake womuwerengera. Funani asainimenti ina imene analembera kunyumba, muike ziwirizo pamodzi. Musayang'ane kukoma kwa Chingerezi kokha. Munthu amakhala ndi zizolowezi zimene sizichoka msanga: mmene amatsegulira ndime, mawu olumikizira amene amawakonda, mmene amatchulira mabuku, zolakwa zomwezomwezo. Zikasowa zonse nthawi imodzi, pamenepo ndiye pali nkhani.

Umboni umene ine ndimaudalira kwambiri uli m'mabuku otchulidwa. Tsopano ndimachonga nanenso, ndipo chaka chatha ndinakumana ndi mnyamata wotere pa funso lomwe lija la Chilembwe. Ndinasankha mabuku atatu pa mndandanda wake n'kupita nawo ku laibulale. Limodzi linalipo, koma tsamba limene anatchula linali kupitirira pamene bukulo limathera. Lachiwiri kwathu kulibe, pa intaneti ndi logula. Chimangirizo chonse sichinakhudze ngakhale kamodzi zimene tinakambirana m'kalasi milungu inayi, ndipo chinkafotokoza Chiradzulu ngati mmene angafotokozere munthu amene anangoiona pa mapu. Nditamuitana ndinayamba ndi zofewa. Buku ili unalipeza kuti? Anati ku laibulale. Thangata n'chiyani, m'Chichewa chomwe? Anati ndi msonkho wa nyumba, pamene chimangirizo chake chinafotokoza bwinobwino masamba awiri kuti inali ntchito yogwira m'munda wa mzungu m'malo mwa lendi ya malo. Ndinamupatsa pepala lake lomwe kuti awerenge ndimeyo, apume, ayesenso. Sanathe kunena chifukwa chake anaika mfundo imeneyo patsogolo. Palibe chimodzi mwa izi chimene chikanakwana chokha, koma zinayi pamodzi zinaloza kumodzi, ndipo mawa lake anabwera yekha kudzavomera.

Chitani chonchi. Malikisi asungeni kaye, musalembe ziro ndipo musalembe 78. Werengani malamulo a koleji yanu, muuze mkulu wa dipatimenti lero lomwe, chifukwa m'malo ambiri wochonga sagamula yekha mlandu wotere. Mulembereni mtsikanayo uthenga wa iye yekha, wonena poyera kuti mukufuna mukambirane mmene analembera asainimentiyi, ndipo mutchule zimene zakudabwitsani. Mupatseni masiku angapo, abwere ndi chilichonse: zolemba pamanja, mafayilo akale, zithunzi za masamba a mabuku mu foni, lisiti ya kotaipitsa. Pakhale mphunzitsi wina wolemba zokambirana, makamaka wamkazi popeza inu ndinu bambo, ndipo iye aloledwe kubwera ndi mnzake. Funsani za njira, osati kumupanikiza ndi matanthauzo a mawu. Unayambira pati, mfundo iti inakuvuta, unataya chiyani, dzina ili ndi la ndani? Kumbukirani kuti ndime 43 ya malamulo oyendetsera dziko lino imapatsa munthu ufulu woweruzidwa mwachilungamo ndi akuluakulu a ofesi, ndi kupatsidwa zifukwa zolembedwa. Mukadumpha zimenezi, ngakhale wolakwa weniweni akhoza kupambana apilo.

Mwina mupeza zapakatikati, kuti mfundo ndi zake koma mchimwene wake anakonza Chingerezi mopitirira muyeso. Umenewo si mlandu wofanana ndi kugula chimangirizo chonse, ndipo malamulo akalola, alembenso pamaso panu kapena achenjezedwe molemba.

Koma musamve chisoni mopitirira ayi. Awiri aja amene anagula ndiwo anandiika m'moto, ndipo mmodzi anangolangidwa pang'ono n'kumaliza nafe limodzi, lero akuphunzitsa ana a anthu. Mtima wa mphunzitsi amene wachonga mapepala a mwana chaka chonse sunama kawirikawiri, ine wanga ukandiuza ndimautsatira. Akalephera kufotokoza ntchito yake atapatsidwa nthawi, madzi akumwa ndi mwayi woyankha m'Chichewa, lembani lipoti, muikemo masamba ndi mayankho ake monga anayankhira, mupereke ku komiti, ndipo inu musakhale nawo pogamula. Akangokhala chete n'kuyamba kulira, musalembe kuti wavomera. Mupatseni tsiku lina, ndipo mufunseni ngati ali ndi hadikava.