Mafuta, makhura, maguta: timadziwa bwanji mawu a makolo amene sanalembe?

"Ndine mphunzitsi kuno ku Ulongwe. Ndinawerenga kuti Chichewa, Chinyungwe, Chiswahili ndi Chizulu zinachokera ku chiyankhulo chimodzi, ndipo akatswiri amalemba mawu a chiyankhulocho ngati kuti anachimva okha. Komatu anthu amenewo sanasiye kalata kapena buku. Si nkhambakamwa chabe imeneyi?"

Aphunzitsi, zikomo chifukwa cha kalata yanu. Ndiyambira pa chiyankhulo chimene mumaphunzitsira anawo, Chipwitikizi, chifukwa chimenecho kholo lake linalembedwa ndipo njira ya akatswiriyo tingathe kuiyesa ngati ikunama.

Tengani mawu anayi awa: noite, leite, oito, feito. M'Chisipanishi ndi noche, leche, ocho, hecho. M'Chitaliyana ndi notte, latte, otto, fatto. Kungoti mawuwa akufanana si nkhani yaikulu, chifukwa mawu angafanane mwangozi. Chimene chili ndi mphamvu n'chakuti akusiyana mwa njira imodzimodzi nthawi zonse: pamene Mpwitikizi ali ndi "it", Msipanishi ali ndi "ch", Mtaliyana ali ndi "tt". Tikatsegula mabuku a Chilatini timapeza noctem, octo, factum, kusonyeza kuti pamalo onsewo panali "ct". Liwu likayamba kusintha pakamwa pa anthu a dera limodzi, silisankha mawu. Limasintha paliponse pamene lili pamalo ofanana, ngati mmene mwana wa chibwibwi amakakamira pa liwu lomwelo m'mawu alionse. Njira yonse yaima pa mfundo imeneyi.

Tsopano tibwere kwathu. Kuyambira pamene malasha ndi njanji ya ku Nacala zinadzaza Moatize ndi anthu a ku Nampula, Chimakuwa chikumveka pamsika tsiku lililonse, ndipo ine ndi pamene ndinayamba kutchera khutu. Ife timati mafuta, iwo amati makhura. Ife fupa, iwo nikhuva. Ife kufa, iwo okhwa. Kachitatu konse "f" wathu akukumana ndi "kh" wawo. Ayao pamalo omwewo alibe liwu lililonse: mauta, liupa, kuwa. Palinso mzere wina m'mawu omwewo a mafuta: "t" wathu ndi "r" wawo. Mtima ndi murima, mutu ndi muru, kutuma ndi oruma, -tatu ndi -raru. Atswana nawo amati mafura, go roma, -raro, pamene Azulu amati amafutha, ukuthuma, -thathu. Mizere yoteroyi ikachuluka, ngozi sitingaiimbenso mlandu.

Funso lovuta ndi lakuti woyamba ndani, "f" kapena "k"? Kuwerenga mavoti sikuthandiza. Chichewa, Chiswahili, Chishona, Chizulu ndi Chiganda zonse zili ndi "f" m'mawu a mafuta, ndipo munthu wopupuluma anganene kuti kholo linalinso ndi "f". Angalakwe. Umboni wake ukuoneka bwino pa mnzake wa "f", amene ndi "v". Ife timati mvula, njovu, ndevu, onse ali ndi "vu". Akikuyu a ku Kenya amati mbura, njogu, nderu: "bu", "gu", "ru". Tiyerekeze kuti kholo linali ndi "vu" m'mawu onse atatu. Ndiye Mkikuyu anadziwa bwanji kuti pa mvula asandutse "b", pa njovu "g", pa ndevu "r"? Palibe chimene chikanamutsogolera. Koma tikanena kuti kholo linali ndi maliwu atatu osiyana, ndipo kwathu kuno onse anathera mu "v", nkhani ikulongosoka popanda kukakamiza. Revubwe ndi Luenha zikathira mu Zambezi madzi ake amasanganikirana, koma madzi a Zambezi sangadzilekanitse okha n'kubwerera kumene anachokera. Choncho chiyankhulo chimene chikusiyanitsa ndicho chasunga zakale, ngakhale chikhale chokha.

Pamenepa munthu watcheru afunsa kuti: ngati "ku" anasanduka "fu", nanga bwanji tidakali ndi kukula, nkhuku, nkhuni? Lamulo lija lathyoka? Apa ndi pamene ine ndimaona kukoma kwa ntchitoyi, ndipo ndikupemphani kuti tiyende pang'onopang'ono.

Chichewa chili ndi mavawelo asanu: a, e, i, o, u. Chikikuyu chili ndi asanu ndi awiri. Chili ndi "u" wothina, wotchulidwa milomo itasongoka kwambiri, ndi wina womasuka amene amalemba "ũ", womveka pakati pa "u" ndi "o" wathu. Tikaika mawu pambalipambali, zonse zimagwa m'malo mwake. Kukula kwa ife ndi gũkũra kwa iwo, nkhuku ndi ngũkũ: vawelo womasuka, ndipo "k" wathu ali chilili. Kufa ndi gũkua, mafuta ndi maguta: vawelo wothina, ndipo ife tili ndi "f". Njogu, mbura ndi nderu nawonso ali ndi wothina uja. Ndiye lamulo silinali lakuti "ku" aliyense asanduke "fu". Linali lakuti liwu lotsekera mpweya likatsogolera "u" wothina, lisanduke la mpemerero. Yesani nokha: tchulani "ku" mutathinitsa milomo kwambiri, mumva kampweya kakufwenthera pamilomopo. Ana akamva kufwentherako mibadwo ingapo, amayamba kuyesa kuti ndiko liwu lenilenilo, ndipo "k" amatayika.

Mawu akuti kufa ndi okwanira kuphunzitsira kalasi yonse, chifukwa ali ndi "ku" onse awiri. Akatswiri amawalemba *kʊ-ku-a. Kanyenyezi kali kutsogoloko kamatanthauza kuti mawuwa palibe anawamva kapena kuwaona olembedwa, angopezedwa poyerekeza, ndipo chilembo cha ʊ chikuimira vawelo womasuka uja. M'Chichewa "kʊ" woyamba anakhalabe "ku", wachiwiri anasanduka "f": ku-f-a. M'Chimakuwa zinayenda mosiyana, woyamba anataya "k" n'kutsala "o", wachiwiri anasunga "k" wake n'kumuwonjezera mpweya: o-khw-a. M'Chiyao woyamba anatsala, wachiwiri anataya "k". Ziyankhulo zitatu, njira zitatu, koma chilichonse chikuchitira umboni kuti "ku" awiriwo sanali amodzi. Chichewa pachokha sichikanatiuza zimenezi, chifukwa pambuyo pake mavawelo awiriwo kwathu anasanganikirana n'kukhala "u" mmodzi. Tikudziwanso chimene chinayamba. "K" anayamba wasanduka "f", kenako mavawelo n'kuphatikizana. Zikanayenda motembenuza, "ku" aliyense akanakhudzidwa, ndipo lero bwenzi tikunena kuti fufa ndi fufula.

Mwina mwaona kale kuti Akikuyu akunena maguta ndi "g", osati makuta. Pamene mawu akuoneka ngati aphwanya lamulo, katswiri sanena kuti "basi, zimangochitika". Amafunafuna lamulo lina. Apa lilipo: m'ziyankhulo zingapo za kumpoto chakum'mawa, "k" amafewa n'kukhala "g" ngati phatikizo lotsatira likuyamba ndi liwu ngati "k" kapena "t". N'chifukwa chake amati gũkua koma kũrĩa, kudya. Lamuloli limatchedwa la Dahl, potengera m'mishonale Edmund Dahl amene analiona m'Chinyamwezi cha ku Tanzania. Tikachotsa zimene chiyankhulo chilichonse chinawonjezera, timatsala ndi *ma-kuta, ndipo kuchokera pamenepo mafuta, makhura, mauta, maguta, mafura ndi amafutha onse amatuluka mwa malamulo omwe akugwiranso ntchito m'mawu ena ambirimbiri. Kuyesa kwake n'komweko: mawu opezedwawo ayenera kubala ana onse popanda kupempha chifundo.

Ntchitoyi ili ndi eni ake. Carl Meinhof, Mjeremani, ndiye anayamba kuika maliwu a Chibantu chakale, kholo la ziyankhulo zathuzi, m'ndondomeko mu 1899. Malcolm Guthrie wa ku London anatulutsa mabuku anayi a Comparative Bantu pakati pa 1967 ndi 1971, ndipo A. E. Meeussen wa ku Tervuren m'dziko la Belgium anafotokoza galamala ya kholoyo mu 1967. Onsewa anagwirizana pa mavawelo asanu ndi awiri. Ambiri amati chiyankhulocho chinkayankhulidwa cha kumalire a Nigeria ndi Cameroon zaka pafupifupi 4000 kapena 5000 zapitazo, koma dziwani kuti zakazo sizichokera ku malamulo a maliwu. Malamulowo amatiuza chimene chinatsogola ndi chimene chinatsatira, osati chaka. Zaka zimayerekezedwa pothandizana ndi ofukula zakale.

Kukayika kwanu kuli ndi malo ake, ndipo sindikufuna kukuphimbani m'maso. Msampha woyamba ndi mawu obwereka. Ife timati tebulo, Atswana tafole, Azulu itafula. Akufanana ndithu, koma taonani mzere wathu uja: pamene ife tili ndi "t", Mtswana anayenera kukhala ndi "r" ndipo Mzulu "th". Onse ali ndi "t" wamba. Kufanana kopitirira muyeso kumeneko ndiko kukuwulula kuti mawuwa anafika malamulo atatha kale kugwira ntchito, kwathu kuchokera ku Chingerezi, kwa anzathuwo ku Chiafrikaansi. Kuno ku Tete nsapato ndi mbatata muzipeza m'ziyankhulo zoyandikana zingapo, koma amene anazibweretsa tikumudziwa, ndi Mpwitikizi. Chovuta kwambiri ndi kubwerekana kwa pachibale, monga Chichewa ndi Chinyungwe zimene zakhala zikukumana pamisika ya Zobwe ndi Moatize mibadwomibadwo. Mawu oterewa nthawi zina sadziwika kuti ndi a cholowa kapena a ngongole.

Malire achiwiri ndi katchulidwe kenikeni. Tikudziwa kuti panali liwu limodzi limene linabala "l" wa mvula ndi "r" wa mbura, koma Meinhof ankalilemba *l, Guthrie *d. Kuti linalipo ndi kuti linali losiyana ndi anzake, pamenepo palibe mkangano. Mmene linkamvekera m'kamwa mwa agogo aja ndi pamene pali kusiyana maganizo.

Achitatu ndi amene amandiwawa. Chimene ana onse anataya sichingapezekenso. Achilatini ankatchula "h" m'mawu ngati hora ndi homo, koma Chipwitikizi, Chisipanishi, Chitaliyana ndi Chifalansa zonse zinasiya kumutchula, ndipo tikumudziwa chifukwa analembedwa basi. Chibantu chakale nachonso chiyenera kuti chinali ndi maliwu ndi mawu amene anazimirira kulikonse. Ndipo umboni umene tili nawo wadalira ziyankhulo zimene zinasunga chinthu chimene ena anataya, monga Chikikuyu chinasungira mavawelo awiri aja. N'chifukwa chake ndikupemphani, Aphunzitsi, kuti m'kalasi mwanu mukakhala mwana woyankhula Chinyungwe, Chisena kapena Chimakuwa, mumufunse mawu khumi okha: mvula, njovu, ndevu, mafuta, fupa, kufa, mtima, mutu, kutuma ndi zitatu. Muwalembe pabolodi m'mizere, anawo apeze okha liwu limene likukumana ndi linzake, ndipo zimene mupeze munditumizire, makamaka mawu amene akane kulowa mumzere.