Kuyesa pulogalamu yowerenga mainvoisi musanasaine mgwirizano

"Kampani yathu imalandira mainvoisi pafupifupi 4,000 pamwezi. Wogulitsa wina akuti pulogalamu yake ya nzeru zamakina imawawerenga molondola ndi 98 peresenti, ndipo pachionetsero chimene anatichitira sinalakwitse chilichonse. Akufuna tisaine mgwirizano wa zaka zitatu. Tingadziwe bwanji kuti akunena zoona?"

Musasaine kufikira pulogalamuyo itayesedwa ndi mapepala anuanu, amene wogulitsa sanawaonepo, ndiponso mayankho ake olondola ali m'manja mwanu mokha. Chionetsero chimene munaona sichingakuuzeni zambiri, chifukwa mapepala a pachionetsero amasankhidwa ndi mwini malonda, ndipo kawirikawiri amakhala ofanana ndi amene makinawo anaphunzitsidwira. Nambala ya 98 ikhoza kukhala yoona pa mapepala amenewo koma yabodza pa anu. Zoterezi zinachitikapo ku America, kumene m'chaka cha 2025 bungwe la boma loteteza ogula la FTC linadzudzula kampani ya Workado, imene inkalengeza kuti pulogalamu yake imazindikira zolembedwa ndi makina molondola ndi 98 peresenti. Malinga ndi bungweli, makinawo anaphunzitsidwa ndi zolemba za maphunziro, ndipo atayesedwa ndi zolemba wamba anapeza 53 peresenti yokha.

Funso loyamba kwa wogulitsa likhale lakuti 98 peresentiyo ndi ya chiyani, ndipo ayankhe molemba. Invoisi imodzi imakhala ndi zinthu zingapo zoti ziwerengedwe, monga dzina la wotumiza, nambala ya invoisi, tsiku, msonkho, ndalama zonse pamodzi ndi nambala ya akaunti ya kubanki. Tiyerekeze kuti zinthuzo ndi 12. Ngati pulogalamu imalondola 98 peresenti pa chinthu chimodzichimodzi, ndipo zolakwazo zimagwa mosadalirana, mwayi woti invoisi yonse ituluke yopanda cholakwa ndi 0.98 kuchulukitsa ndi iyo yomwe maulendo 12, zimene zikupereka pafupifupi 78 peresenti. Ndiye kuti pa mainvoisi 100 alionse, 22 akhala ndi penapake polakwika, ngakhale kuti wogulitsa sananame. Kwa inu amene mumalipira ndalama potengera invoisi yathunthu, nambala yachiwiriyi ndi imene ili ndi ntchito.

Tsopano konzani mayeso. Tengani mndandanda wa mainvoisi onse a miyezi 12 yapitayi, kuti nyengo zotanganidwa ndi zopepuka zonse zilowemo, ndipo musankhe 300 mwamaere. Mu Excel mungathe kulemba =RAND() pambali pa mzere uliwonse, n'kusanja mizereyo potengera manambala amene atuluka, kenako n'kutenga 300 yoyambirira. Ndikulimbikira za maere chifukwa wantchito akauzidwa kuti asankhe yekha, amatola mapepala oyera ndi ooneka bwino osadziwa n'komwe kuti akutero. Pambali pa 300 amenewa, sonkhanitsani mulu wina waung'ono, mwina wa mapepala 50, wa amene amavutitsa anthu anu: ojambulidwa ndi foni mopendekeka, amene chidindo chinagwera pa nambala, okonzedwa ndi cholembera, a masamba angapo, ndiponso makalata obweza ndalama amene amaoneka ngati invoisi. Zotsatira za mulu umenewu muziwerenge pazokha, musazisakanize ndi za 300 aja, chifukwa ntchito yake ndi kukuonetsani pamene makinawo amagwera, osati kuyeza kulondola kwa masiku onse.

Mwina mungafunse chifukwa chake 50 sangakwane. Pulogalamu ikalakwitsa kamodzi pa mapepala 50, pamatuluka 98 peresenti ndithu, koma masamu a mwayi amasonyeza kuti kulondola kwake kwenikweni kukhoza kukhala kotsika mpaka 89 peresenti. Ikalakwitsa 6 pa 300, imenenso ndi 98 peresenti, mpatawo umachepa n'kukhala pakati pa 96 ndi 99. Pali lamulo lina losavuta kukumbukira limene odziwa masamu amagwiritsa ntchito: ngati simunapeze cholakwa chilichonse, gawani 3 ndi chiwerengero cha mapepala amene mwayesa, ndipo yankho lake ndi kuchuluka kwa zolakwa kumene simunganene kuti kulibe. Ngati pachionetsero panali mapepala 20 ndipo onse analondola, zolakwa zikhoza kukhalabe zofika 15 peresenti.

Gawo lotopetsa, limene makampani ambiri amalidumpha, ndi kukonza mayankho olondola. Musangotenga zimene zili kale m'kompyuta yanu ya maakaunti, chifukwa anthu amene anazilowetsa nawonso amalakwitsa, ndipo mudzaimba makina mlandu pa zimene analondola. Anthu awiri awerenge invoisi iliyonse payekhapayekha, ndipo pamene asiyana, wachitatu aone pepala lenileni n'kugamula. Ntchito imeneyi ikupatsaninso phindu lina, chifukwa mukayerekeza mayankho otsimikizikawa ndi zimene zinalowetsedwa kale, mudziwa kuchuluka kwa zolakwa za anthu anu, ndipo nambala imeneyo ndi imene makinawo akupikisana nayo. Gwirizananinso pasadakhale za chimene muzichitcha cholakwa. Mwachitsanzo, tsiku lolembedwa 03/04 likawerengedwa ngati la mwezi wachitatu pamene linali la mwezi wachinayi, ndi cholakwa chathunthu, pamene dzina la kampani limene lasowa kadontho kakumapeto mwina mungalilole. Zimenezi zilembedwe ndipo mbali zonse ziwiri zivomereze mayeso asanayambe, limodzi ndi malire opambanira, kuti pasakhale wosuntha malirewo zotsatira zitadziwika.

Wogulitsa adzapempha mapepala oti akonzere pulogalamu kuti igwirizane ndi ntchito yanu, ndipo limeneli ndi pempho loyenera. Mpatseni mapepala ena, osati a mayeso, ndipo musainirane kaye pangano losunga chinsinsi limene likuletsanso kugwiritsa ntchito mapepala anu pophunzitsa makina awo popanda chilolezo chanu. Pa tsiku la mayeso, wantchito wanu ndiye alowetse mapepala, mu pulogalamu yomweyo imene mudzagule, ndipo alembe nambala ya mtundu wa pulogalamuyo ndi nthawi imene pepala lililonse latenga. Musalole kutumiza mapepala Lachisanu n'kulandira mayankho Lolemba, chifukwa simudzadziwa ngati anawerenga ndi makina kapena anthu. Invoisi imene makina akuiwerenga okha imabwera m'masekondi, ndiye ngati mapepala ovuta okhaokha akuchedwa ndi maola, funsani mosapita m'mbali ngati pali anthu amene akukonza kuseri. Kukhala ndi anthu otere si kulakwa ngati mwauzidwa, koma kumasintha mtengo, liwiro ndiponso nkhani ya amene akuona zinsinsi zanu. Pomaliza, tengani mapepala 30 mwa amene mwayesa kale n'kuwalowetsanso tsiku lina. Mapulogalamu omangidwa pa makina a nzeru amene amalemba okha ziganizo angathe kupereka mayankho osiyana pa pepala limodzi, ndiponso angathe kudzaza nambala yooneka yoyenera pamalo pamene papepala panalibe kanthu, choncho yang'anani mwapadera malo amene anayenera kutsala opanda kanthu.

Ndipereke chitsanzo chongoyerekeza cha mmene mungawerengere zotsatira. Mainvoisi 300 okhala ndi zinthu 12 iliyonse ndi zinthu 3,600. Tinene kuti zolakwika ndi 72, kutanthauza kuti wogulitsa wakwanitsa 98 peresenti yake. Zolakwazo zagwera m'mainvoisi 51, ndiye mainvoisi abwinobwino ndi 249, amene ndi 83 peresenti. Koma nkhani yaikulu ili pa funso lakuti pulogalamuyo imadziwa kapena ayi pamene ikukayika. Mapulogalamu ambiri otere amapereka nambala yosonyeza kutsimikiza kwawo, ndipo invoisi imene nambala yake yatsika imatumizidwa kwa munthu. Tinene kuti yatumiza 60 kwa munthu n'kudutsitsa 240 yokha. Mwa mainvoisi 51 olakwika aja, 39 ali m'gulu lotumizidwa kwa munthu, ndipo amenewo sakudetsa nkhawa kwenikweni popeza akonzedwa. Otsala 12 adutsa mwakachetechete, ndipo 4 mwa iwo alakwika pa ndalama kapena pa nambala ya akaunti. Mukazitengera pa mainvoisi anu 4,000, ndiye kuti mwezi uliwonse anthu anu aziwerengabe 800, pamene pafupifupi 160 azidutsa ali ndi cholakwa, ndipo oposa 50 mwa iwo akukhudza malipiro. Popeza 4 ndi nambala yaing'ono, 50 ameneyu musamutenge ngati wotsimikizika, koma akukwanira kukuchenjezani kuti muyese mapepala ena owonjezera pa zinthu ziwirizi.

Mukafika apa, pemphani wogulitsa akweze malire a kutsimikiza kuti muone chimene chichitike. Zolakwa zodutsa mwakachetechete zichepa, koma mapepala opita kwa munthu achuluka. Ngati pofuna kuti zolakwa za ndalama zitsike kufika pamene anthu anu amafika pakufunika kuti theka la mainvoisi lizionedwa ndi munthu, ndiye kuti ndalama zimene munalonjezedwa kuti mupulumutsa zatsika ndi theka, ndipo mtengo wa pulogalamu uyenera kukambidwanso. Ngati mwakweza malirewo koma zolakwa zobisika sizikuchepa, nambala yotsimikizayo ndi yosadalirika, ndipo kwa ine chimenecho chokha ndi chifukwa chokwanira chokanira malondawo, chifukwa mudzafunika kuona pepala lililonse ngati kale uku mukulipiranso pulogalamu.

Ngakhale mayeso atayenda bwino, zaka zitatu ndi zambiri kuti zidalire tsiku limodzi. Amene amakutumizirani katundu amasintha kalembedwe ka mainvoisi awo, ndipo wogulitsa nayenso amasintha makina amene ali pansi pa pulogalamu, nthawi zina chifukwa kampani ina imene amabwerekako makinawo yasiya mtundu wakale. Pemphani miyezi itatu yoyeserera, pamene pulogalamu izigwira ntchito pambali pa anthu anu popanda kutumiza malipiro payokha, ndipo mukhale ndi ufulu wochoka popanda chindapusa miyeziyo ikatha. Mu mgwirizano waukulu, loya wanu alembe manambala awiri amene mwayeza, ya mainvoisi odutsa okha ndi ya zolakwa zobisika pa ndalama ndi akaunti, pamodzi ndi njira yowayezera, m'malo mwa mawu akuti "kulondola kwa 98 peresenti". Aonenso ndime imene imanena kuti mgwirizano wolembedwawo ndi wokhawo umene ukugwira ntchito, chifukwa ndime yotere kawirikawiri imafafaniza malonjezo onse a m'timabuku totsatsa ndi a pakamwa. Muikemonso kuti azikudziwitsani asanasinthe mtundu wa makina, kuti muli ndi ufulu wobwereza mayeso pa miyezi itatu iliyonse ndi mapepala atsopano osankhidwa mwamaere, ndiponso kuti manambala akatsika kawiri motsatizana mungathe kuchepetsa malipiro kapena kuthetsa mgwirizano n'kubwezeredwa mapepala anu onse ndi zonse zimene zinawerengedwamo.