K1 pa peji: mukugulitsa kapena mukugawa?

"Ndatsegula kashopu ka fotokope ndi kupulinta ku Kalingalinga. Anzanga onse amalipiritsa K1 pa peji, inenso ndimatero, koma mwezi ukatha ndalama ya tona imasowa. Mtengo woyenera ndingaupeze bwanji?"

Asisi, funso lanuli landikumbutsa mkulu wina amene anatsegula shopu moyang'anana ndi yanga, n'kulemba pachitseko ndi choko kuti peji ndi 50 ngwee. Makasitomala anga onse anathamangira komweko, ngakhale aja ndinkawakongoza. Ndinkangokhala pakhomo n'kumaonerera mzere wa ana asukulu atanyamula mapepala a mayeso akale. Akazi anga ankati nanenso nditsitse, ine ndinakana, ndipo kunyumba nkhani imeneyi inavuta ndithu. Tona yoyamba itamuthera mkulu uja, anayamba kuchotsa katiriji n'kumaigwedeza pamaso pa kasitomala kuti ufa wotsalira utuluke. Makope ake ankatuluka otuwa, ndi mzere woyera pakati, moti wina anabwezedwa nawo kumene ankafunsira ntchito. Lero pamalopo amagulitsapo salaula.

Chimene chinamugwetsa ndi nambala ya pabokosi la tona, ndipo ndikukhulupirira kuti inunso ndi yomweyo ikukudyerani. Katiriji ya HP 85A amalemba kuti imatulutsa mapeji 1,600. Sananame, koma amawerengera peji imene tona yaphimba magawo 5 okha pa 100, ngati kakalata kafupi. Nanga ife timakopa zotere? Kwathu kumabwera NRC ya mbali zonse ziwiri, satifiketi ya maluwamaluwa m'mphepete, buku lokhuthala losatsekeka chivindikiro, m'mbali monse n'kutuluka bii. Zimenezi zimamwa tona kawiri kapena katatu. Ndiye musamakhulupirire bokosi. Makina amawerenga okha mapeji amene atulutsa: lembani nambalayo m'kabuku tsiku lothira tona, mulembenso tsiku imene yatha, muchotsere. Amene sachita zimenezi sali pa bizinesi, akungosungira ogulitsa tona ndalama.

Za magetsi anthu amadandaula molakwika. Mayuniti a ZESCO si vuto. Pulinta yaing'ono ya leza imatulutsa mapeji 1,000 pa ola limodzi kapena kuposerapo pang'ono, osamaliza ndi yuniti imodzi yomwe. Chimene chimapha ndi jenereta. Tonse tikukumbukira 2024, madzi atachepa ku Kariba, magetsi akuzima pafupifupi tsiku lonse. Jenereta imamwa petulo kaya kasitomala alipo kaya palibe. Ikamwa wa K30 pa ola, inu n'kukopa mapeji 60, peji iliyonse yadya 50 ngwee. Mukakopa 20 okha, yadya K1.50. Ine magetsi akapita ndimasonkhanitsa ntchito, ndimaliza jenereta kamodzi, ndipo wofulumira amalipira mtengo wina. Za kainiveta kakang'ono iwalani: chotenthetsa tona m'kati mwa makina a leza chimakoka moto wambiri poyamba, kainivetako kamangolira n'kuzima.

Kuwerengera kwake

Manambala awa ndi ongoyerekezera, inu muikepo a pa malisiti anu. Tinene kuti rimu ya mapepala 500 mwagula K100 ku Kamwala. Musagawe ndi 500, chifukwa ena amakodwa m'makina, makamaka nthawi ya mvula akamwa chinyezi, ena kasitomala amawakana. Gawani ndi 475, mupeza 21 ngwee. Tona ya K300 imene kabuku kanu kakuonetsa kuti inatha pa mapeji 1,000 ndi 30 ngwee, osati 19 ya pabokosi. Dilamu ya K200, kachitsulo kozungulira ka m'makina kamene kamadinda tona papepala, ikamatha pa mapeji 4,000 ndi 5 ngwee, ndipo mudzaidziwa kuti yatopa kadontho kakuda kakamabwerezabwereza kutsika ndi peji. Magetsi a ZESCO ikani 1 ngwee. Pamenepa tafika 57 ngwee, ndipo ambiri amaimira pompa n'kumasangalala kuti pa K1 akupindula 43.

Koma lendi ndi malipiro a mtsikana wa pashopu, kapena anu omwe, akakhala K3,000 pamwezi ndipo mumagulitsa mapeji 6,000, peji iliyonse yasenzanso 50 ngwee. Zonse pamodzi K1.07, jenereta tisanaiwerengere. Mukugawa, asisi. Anzanu aja mwina amatulutsa mapeji 10,000, ndiye kwa iwo lendi imagwa pa 30 ngwee, peji n'kukhala 87 ngwee. K1 imawakwanira iwo, osati inu.

Pa manambala amenewa ine ndikanaika K1.50 pa peji wamba, K2 pa NRC, masatifiketi ndi chilichonse chakuda kwambiri. K1 ndikanaisiyira wobwera ndi mapeji oposa 50, makamaka akalola kukopa mbali zonse ziwiri, poti pamenepo pepala limodzi mwaligulitsa kawiri.